Halali ndi Kosha pa Tebulo Limodzi: Zoyenera Kudziwa Musanayatse Mbaula

Mlamu wanga wa ku Chelstone, muno mu Lusaka, anandiimbira foni Lachiwiri lina madzulo ali ndi nkhawa. Ankakonza chakudya chotsanzikana ndi mnzawo wa kuntchito, ndipo pa anthu 12 amene anawaitana panali Asilamu atatu, a Sabata awiri, ndi bambo mmodzi Myuda wochokera ku Joni amene anabwera kudzagwira nawo ntchito kwa miyezi ingapo. "Alamu," anatero, "ndaganiza zongogula nyama ya halali ku Kamwala, ndiphike yambiri, onse adye. Paja Asilamu ndi Ayuda onse sadya nkhumba?"

Nzoona, onse sadya nkhumba, ndipo onse sadya magazi kapena nyama yofa yokha. Koma kufanana kumeneku ndi kumene kumasokeretsa olandira alendo ambiri. Malamulo a halali, amene Asilamu amatsata pa zakudya, amayang'ana kwambiri pa funso lakuti nyamayo ndi ya mtundu wanji, inaphedwa bwanji, ndipo m'chakudyamo mulibe mowa kodi. Zimenezi mungazikwanitse m'khitchini mwanu momwemo, ndi mapoto anu omwewo. Malamulo a kosha, amene Ayuda amatsata pa zakudya, amayambira pamenepo koma amapitirira: amafunsa za mkaka, za poto wophikiramo, za mpeni, mpaka za munthu amene wayatsa moto. Ndiye nyama ya halali ikanakhutitsa alendo atatu aja, koma bambo wa ku Joni uja, ngati amasunga malamulo a kwawo, sakanaikhudza.

Tiyambe ndi nyamayo, popeza kwathu kuno phwando lopanda nyama anthu amaliona ngati silinachitike.

Kwa Msilamu, mawu akuti halali amatanthauza chololedwa, ndipo choletsedwa ndi haramu. Korani, pa sura 5 ndime 3, imatchula zoletsedwazo: nyama yofa yokha, magazi, nkhumba, ndi nyama yophedwa m'dzina la wina osati Mulungu. Ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhuku nzololedwa, malinga zizingidwe moyenera. Wozingayo amatchula dzina la Mulungu, kunena kuti Bisimila, kenako amadula pakhosi ndi mpeni wakuthwa, kudula kholingo, kum'mero ndi mitsempha ya magazi, nyamayo ili yamoyo, kuti magazi atuluke. Amene tinakulira ku Chipata kapena kutsidya ku Malawi timadziwa mwambo woitana Myao wapafupi kuti adzazinge mbuzi ya paukwati kuti aliyense adye nawo. Mwambo umenewo ndi wolondola ndithu, ndipo muno mu Lusaka ukugwirabe ntchito. Mukagula mbuzi kapena nkhuku zamoyo, pemphani mmodzi wa alendo anu Achisilamu kapena munthu wa kumzikiti adzazinge. Apo ayi, gulani kubutchala ya Asilamu. Nkhuku zina za m'mapaketi m'masitolo akuluakulu zimakhala ndi chizindikiro cha halali. Paketiyo musataye msanga, kuti mlendo akafuna aone yekha.

Kwa Myuda, chiyambi ndi Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14. Nyama yoyenda ndi miyendo inayi iyenera kukhala yobzikula komanso ya ziboda zogawanika, zonse ziwiri. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zimapambana mayeso amenewa. Kalulu ndi ngamila zimalephera, ngakhale Asilamu ambiri amazidya. Kuphako kumatchedwa shekita, ndipo sangaphe Myuda wamba aliyense. Amapha ndi munthu wophunzitsidwa ntchitoyo, wotchedwa shoketi, ndi mpeni wautali umene amauyeza ndi chikhadabo kuti usakhale ndi kobenthuka ngakhale kakang'ono. Akapha amayang'ana mapapo, ndipo akapeza bowo kapena chilema china nyama yonseyo imakanidwa. Kenako amachotsa mafuta ena oletsedwa pa Levitiko 7:23, ndi mtsempha wa m'ntchafu wotchulidwa pa Genesis 32:32, pankhani ya Yakobo kulimbana ndi munthu usiku wonse. Kuchotsa mtsemphawu nkovuta, choncho m'maiko ambiri mbali yakumbuyo ya ng'ombe saigulitsa nkomwe ngati ya kosha. Pomaliza nyamayo amaiviika m'madzi kwa theka la ola, amaithira mchere wokhakhala mbali zonse nikhala ola limodzi, amaitsuka katatu, kuti magazi otsala achoke. Zimenezi ziyenera kuchitika pasanathe maola 72 chiphedwere.

Mukaona ndondomeko yonseyo mumvetsa chifukwa chake nyama ya halali siikhala ya kosha. Wozinga wa Chisilamu, ngakhale akhale waluso bwanji, si shoketi. Koma mbali inayo khomo ndi lotsegukako. Sura 5 ndime 5 imanena kuti chakudya cha anthu a Buku, ndiwo Ayuda ndi Akhristu, nchololedwa kwa Asilamu, motero akatswiri ambiri a Chisilamu amavomera nyama ya kosha. Ena amakayika, chifukwa shoketi amadalitsa kamodzi asanayambe kupha nyama zambiri, pomwe iwo amafuna dzina la Mulungu litchulidwe pa nyama iliyonse. Komabe mfundo imeneyi sikuthandizani kwenikweni kuno. Ayuda m'Zambia anali pafupifupi 1,000 m'zaka za m'ma 1950, ndipo ena mwa iwo timawakumbukira bwino, monga Simon Zukas amene anamenyera nawo ufulu wa dziko lino ndipo anamwalira mu 2021. Lero atsala ochepa kwambiri, ndipo wofuna nyama ya kosha amachita kuitanitsa ku Joni. Ndinauza mlamu wanga kuti nkhani yogulira mlendoyo nyama angoisiya.

Tsopano mkaka. Apa Chisilamu chilibe vuto: nkhuku yoviikidwa mu yogati kapena nyama yothira kirimu nzololedwa. Kwa Ayuda, mawu akuti usaphike mwana wa mbuzi mu mkaka wa make amapezeka katatu, pa Eksodo 23:19, Eksodo 34:26 ndi Deuteronomo 14:21, ndipo aphunzitsi awo anawamasulira kuti nyama ndi mkaka zisaphikidwe pamodzi, zisadyedwenso pamodzi. Lamuloli analifikitsa mpaka pa nkhuku. Munthu akadya nyama amadikira asanadye za mkaka, ambiri maola 6, ena 3, ndipo a ku Holland ola limodzi. Tiyi wa mkaka ndi keke ya batala pambuyo pa nyama, zimene ife timaziona ngati ulemu womaliza kwa mlendo, kwa iye nzosatheka. Zakudya zomwe si nyama si mkaka, monga nsomba, mazira, masamba, nyemba, mpunga ndi ufa, amazitcha pareve, ndipo zimenezi ndizo bwenzi lanu.

Nchifukwa chake ndinalangiza mlamu wanga kuti ndiwo yaikulu ya tsikulo ikhale nsomba. Nsomba siifuna kuzingidwa, kwa Msilamu ndi kwa Myuda yemwe. Koma si nsomba iliyonse. Levitiko 11:9 imafuna zipsepse ndi mamba, ndipo mamba ake akhale oti mukawapala amachoka osang'amba khungu. Buremu, imene ku Malawi ili m'gulu la chambo, imakwanira, kaya ya ku Kafue, ya ku Kariba kapena yowetedwa. Kapenta nayenso ali ndi timamba, ngakhale wouma uja amafuna kusankha bwino chifukwa nthawi zina mumalowa tizamoyo tina ta m'madzi. Mlamba alibe mamba, choncho si wa kosha, ndipo a Sabata ambiri samudya pa chifukwa chomwecho, poti nawonso amawerenga chaputala chomwechi cha Levitiko. Nkhanu za mu mtsinje wa Kafue zimene zafala masiku ano nazonso nzoletsedwa kwa Myuda. Kwa Asilamu nkhaniyi imagawanika. Otsatira chiphunzitso cha Shafi, monga Ayao ambiri ndi Asomali, amadya za m'madzi pafupifupi zonse, potengera sura 5 ndime 96. Otsatira chiphunzitso cha Hanafi, monga amwenye ambiri a ku Kamwala, amalola nsomba zokha. Simuyenera kuloweza magulu amenewa. Mukagula buremu yathunthu, ya mamba ake, mwawakwaniritsa onse nthawi imodzi.

Ndikunenetsa kuti yathunthu. Minofu ya nsomba yosendedwa kale, yopanda khungu, Myuda wosamala sangaikhulupirire, chifukwa palibe chosonyeza kuti inali nsomba yanji. Ndipo ku msika wa Soweto kapena pamsika uliwonse, mpeni umene watumbula buremu yanu ndi womwewo umene wangodula mlamba wa kasitomala wina. Bwerani nayo kunyumba osatumbula, muipale nokha ndi mpeni watsopano pa thabwa latsopano.

Pamenepa tafika pa chinthu chimene chimasiyanitsa kwambiri malamulo awiriwa, ndicho ziwiya. Kwa Msilamu, poto amene munaphikamo nkhumba akatsukidwa bwino ndi madzi amayera. Ena a Shafi amatsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, chinthu chikakhudzidwa ndi nkhumba kapena galu, choncho ngati muli ndi poto amene sanaonepo nkhumba gwiritsani ameneyo. Vuto lenileni ndi kusakanikirana pa tsikulo: waya umodzi wowotchera pomwe soseji ya nkhumba yagona pafupi ndi nkhuku, mafuta okazingira omwewo, chipande chimodzi choyenda m'mapoto onse. Ine ndimati tsiku limenelo nkhumba isalowe pakhomo nkomwe, ngakhale alendo ena aikonde bwanji.

Kwa Myuda wosunga malamulo, kutsuka sikokwanira. Iwo amaona kuti chiwiya chotentha chimamwa kukoma kwa chimene chaphikidwamo, ndipo chimakubweza m'chakudya chotsatira. Choncho poto wanu amene dzulo munaphikamo nyama ya kubutchala wamba amadetsa ngakhale nyemba zimene muphikemo lero. M'nyumba zawo amakhala ndi ziwiya ziwiriziwiri, za nyama ndi za mkaka. Chitsulo chingayeretsedwe ndi madzi owira kapena moto, koma mphika wadothi sungayeretsedwe ayi, ndipo mbale zathu zonyezimira za alendo zija zili m'gulu la dothi lomwelo. Musavutike ndi kuyeretsa, chifukwa kuli ndi malamulo ake amene mlendo yekha angawatsimikize. Njira yapafupi ndi kugula poto mmodzi kapena awiri atsopano, mthiko watsopano, chipande chatsopano, ndi mbale ndi masupuni zotaya mukadyera. Nsomba yake muikulunge m'mapepala asiliva owotchera aja, kawiri, kutsekeratu bwino, ndipo ingapse pa mbaula yomweyo popanda kukhudza waya wakale.

Pali lamulo linanso limene limamveka lowawa mukalimva koyamba, koma ndi bwino mulidziwe. Ayuda osamala kwambiri sadya zakudya zina zophikidwa ndi munthu amene si Myuda, ngakhale zonse zili zoyenera. Lamuloli silikhudza zinthu zodyeka zosaphika monga zipatso ndi tomato, koma limakhudza nsomba, mpunga ndi mazira. Sikuti akukunyozani. Ndi lamulo lakale la aphunzitsi awo, ndipo lili ndi njira yake: Myudayo akatenga nawo mbali pa kuphikako, chakudyacho chimaloledwa. Kwa ambiri ochokera ku mabanja a ku Ulaya, monga Ayuda ochuluka a ku Joni, kuyatsa moto kokha nkokwanira. Ena amafuna aike okha potoyo pamoto.

Zonsezi zimadalira mmene mlendo wanuyo amasungira malamulo, ndipo Ayuda amasiyana kwambiri pamenepa. Alipo amene amangopewa nkhumba ndi nkhanu. Alipo amene kunja kwa nyumba yawo amadya nsomba ndi masamba m'mbale iliyonse koma osati nyama. Ndipo alipo amene amasunga zonse ndafotokozazi. Simungadziwe poyang'ana nkhope. Mlamu wanga anaimba foni nafunsa mafunso atatu okha: "Bambo, kodi mumadya nsomba ndi masamba zophikidwa m'nyumba ya munthu wina? Ziwiya zikhale zatsopano kodi? Nanga mungakonde kudzayatsa nokha moto?" Bamboyo anayankha kuti ziwiya zatsopano nzofunika kwa iye, ndipo adzafika msanga kudzayatsa makala. Anapemphanso kuti tsiku lisakhale Loweruka, chifukwa kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka kukada sayatsa moto ndipo sakwera galimoto. A Sabata aja anagwirizana nazo, ndipo chakudyacho chinasunthidwira Lamlungu masana.

Nazi zimene anaphika. Anagula buremu 12 zapakatikati, aliyense yake, nazithira mchere, ndimu, adyo ndi mafuta a mpendadzuwa. Nsima ya makilogalamu atatu a ufa inaphikidwa m'poto watsopano, yonse, kuti pasakhale nsima ya uyu ndi nsima ya uyo. M'poto wina watsopano munaphikidwa visashi, kabichi wotendera nsinjiro. Panalinso impwa zokazinga ndi tomato ndi anyezi, ndi nyemba za Kabulangeti. Pofuna kuti okonda nyama asadandaule, anawotcha nkhuku zitatu za halali pa mbaula yachiwiri, ndi zogwirira zake, naziika kumapeto kwa tebulo. Bambo wa ku Joni sanazidye, ndipo palibe chinalakwika, popeza kukhala pafupi ndi chakudya chimene iwe sudya sikoletsedwa. Pomaliza panabwera chinanazi, nthochi ndi mavwende.

Kabichi sanasankhidwe mwangozi. Malamulo a kosha amaletsa tizilombo mwamphamvu, ngakhale kamodzi kooneka ndi maso, ndipo masamba athu amabisa tambiri. Chibwabwa chili ndi ubweya umene nsabwe za m'masamba zimakakamira, repu nayenso amazisunga kunsi kwa tsamba. Kabichi mumachotsa masamba akunja, kupatula otsalawo limodzilimodzi, kuwaviika m'madzi amchere kwa mphindi zingapo, kutsuka ndi kuyang'ana powala. Nyemba musankhe zoboola za anankafumbwe, ufa musefe. Dzira lililonse muswere m'kapu payokha, ndipo la kadontho ka magazi mulitaye. Vinkubala, inswa ndi mbewa zisiyeni tsiku limenelo, chifukwa Myuda sadya ndipo Asilamu ambiri sadyanso.

Zimene zimagwetsa anthu ambiri, ngakhale atasamala zonsezi, ndi tinthu ta m'mapaketi. Timabulo tokometsera ndiwo nthawi zambiri timakhala ndi mafuta a nkhuku kapena a ng'ombe, ndipo kamodzi kokha koponyedwa mu nyemba mwachizolowezi kamasandutsa poto yense kukhala wa nyama yosadziwika kophedwera. Uzani aliyense wothandiza kukhitchini, chifukwa dzanja limaponya lokha. Jelatini wa mu jeli, m'maswiti ofewa ndi mu yogati ina amapangidwa kuchokera ku khungu la nkhumba kapena mafupa a ng'ombe. Soseji yolembedwa kuti ya ng'ombe ikhoza kukhala m'thumbo la nkhumba. Majarini ambiri ali ndi mkaka pang'ono, zimene zilibe kanthu pa nsomba koma zili ndi kanthu pa nyama. Tchizi amaumitsidwa ndi madzi ochokera m'chifu cha mwana wa ng'ombe kapena ndi olowa m'malo mwake, ndipo Myuda wosamala amafuna chizindikiro. Mwayi wathu ngwakuti katundu wambiri wa m'masitolo a mu Lusaka amachokera ku South Africa, kumene zizindikirozi nzofala. Cha halali chimakhala cha mabungwe monga SANHA kapena MJC. Cha kosha chimakhala cha bwalo la Chiyuda lotchedwa Beth Din, ndipo pa katundu wa ku America mumaona chilembo U mkati mwa O. Chizindikiro chimodzi sichiyimira chinzake. Komabe chinthu cha kosha cholembedwa kuti nchopanda nyama ndi mkaka chimathandizanso Msilamu, bola mutsimikize kuti mulibe mowa.

Pa zakumwa ndi pamene malamulo awiriwa amatembenukirana misana. Kwa Msilamu mowa uliwonse ndi haramu, malinga ndi sura 5 ndime 90, ndipo mawu akuti mowa umauluka pophika samveka kwa ambiri a iwo. Nyama yoviikidwa mu vinyo, keke yothira burande, kwa ena ngakhale madzi a vanila osungunulidwa mu mowa, zonsezo amazipewa. Ena sakhala patebulo pamene pali botolo la mowa. Kwa Myuda mowa suli woletsedwa, ndipo vinyo ali pakatikati pa mapemphero ake a Sabata. Koma chilichonse chochokera ku mphesa, vinyo, juwisi wa mphesa, viniga wa vinyo, chiyenera kukhala chopangidwa ndi manja a Ayuda osunga malamulo ndipo chikhale ndi chizindikiro. Taonani msampha wake: mumagula juwisi wa mphesa wothetheka uja, wopanda mowa, kuti Asilamu asangalale nawo pokweza matambula, ndipo mlendo wanu Myuda ndiye amene sangamwe. Majuwisi ambiri osakaniza, ngakhale olembedwa kuti a mango, amakhalanso ndi madzi a mphesa mukawerenga kumbuyo. Munkoyo ndi thobwa zatsopano nzabwino kwa Msilamu, koma zikagonera masiku zimayamba kusasa ndi kuledzeretsa, ndipo wofulula yekha ndiye adziwa tsiku limene anaphika. Mlamu wanga anaika madzi, zakumwa za m'mabotolo zodziwika, ndi madzi a ndimu ofinya yekha. Mowa anausunga mpaka alendo Achisilamu atatsanzika.

Kalendala nayo muiyang'ane musanatumize uthenga woitana. M'mwezi wa Ramadani Asilamu sadya kapena kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo mweziwo umabwerera m'mbuyo masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Pasaka wa Ayuda, amene amagwa mu Malichi kapena Epulo, amatenga masiku 8 kunja kwa Israeli, ndipo m'masiku amenewo sadya buledi kapena chilichonse chofufuma cha tirigu ndi mbewu zofanana naye. Ambiri ochokera ku mabanja a ku Ulaya amasiyanso chimanga, mpunga, nyemba ndi mtedza, kutanthauza kuti nsima, visashi ndi nyemba zonse za mlamu wanga zikanagwa pamodzi. Sabata imeneyo ingoilumphani.

Chinthu chimodzi ndinamuletsa mlamu wanga mwamphamvu: kuima pamaso pa alendo nkunena kuti chakudya chonse ndi cha halali ndi kosha. Mawu amenewo ndi chiweruzo, ndipo woweruza ndi wodyayo. Inu nenani zimene mwachita. Iye anatengera mlendo aliyense pambali asanakhale pansi. Kwa Asilamu aja anati nkhuku yachokera kubutchala yakutiyakuti ya ku Kamwala, yawotchedwa pa mbaula yakeyake, ndipo m'chakudya chonse mulibe mowa. Kwa bambo wa ku Joni anaonetsa mapoto awiri atsopano, mpeni ndi thabwa, botolo la mafuta ndi chizindikiro chake, naulula kuti impwa ndi nyemba zaphikidwa m'mapoto akale a panyumba. Bamboyo anadya nsima, nsomba yake yokulunga, visashi ndi zipatso, impwa ndi nyemba nazisiya. Anapempha nsima yachiwiri, ndipo popita anafunsa ngati angagule mapoto awiri aja kuti aziphikiramo miyezi imene yamutsalira mu Lusaka.